Mmene mungafufutire uthenga umene mwatumiza kale pa WhatsApp, ndi nthawi imene muli nayo

Uthenga wolakwika umadziwika chala chitachoka kale pa batani. Mumafuna kutumiza kwa mlongo wanu, koma wapita ku gulu la kuntchito. Kapena munalemba mutapsa mtima, ndiye mtima utangotsika mwaona kuti mawu aja sanayenera kutuluka. WhatsApp ili ndi njira yobwezera uthenga woterewu, ndipo pa sikirini imalembedwa kuti Delete for everyone, kutanthauza kufufuta kwa aliyense. Imagwiradi ntchito, koma ili ndi malire a nthawi, komanso ili ndi msampha umodzi umene anthu ambiri amagweramo chifukwa cha phuma.

Tiyambe ndi zala, zofotokoza zibwere pambuyo.

Kufufuta kwenikweniko

Pa foni ya Android chitani izi:

1. Tsegulani macheza amene muli uthengawo.
2. Dinani uthengawo osachotsa chala mpaka mzere wake usinthe mtundu.
3. Pamwamba pa sikirini paoneka kachizindikiro ka bini yotayamo zinyalala. Kadineni.
4. Patuluka mawu atatu: Delete for everyone, Delete for me ndi Cancel. Imani kaye, werengani, kenako sankhani Delete for everyone.

Pa iPhone njira yake ndi yomweyo, kungoti mukadina uthenga osachotsa chala pamatuluka mndandanda wa zochita. Sankhani Delete, kenako kachizindikiro ka bini kamene kali m'munsi, kenako Delete for everyone. Pa kompyuta, ikani kamuvi ka mausi pa uthengawo, dinani kamuvi kakang'ono koloza pansi kamene kaoneke pakona pake, sankhani Delete, ndipo mafunso ake akhala omwe aja.

Zikatheka, pamene panali uthenga pamatsala mawu akuti You deleted this message kumbali yanu, ndipo kwa mnzanuyo pamalembedwa This message was deleted. Choncho dziwiranitu kuti WhatsApp sibisa zoti mwafufuta. Imangobisa zimene munalemba. Mnzanuyo aona kuti panali kanthu, aona ndi nthawi imene munatumiza, ndipo anthu ambiri akaona chipsera chimenecho funso limabwera ndithu: munalemba chiyani?

Msampha wa Delete for me

Pa sitepe yachinayi ija ndinati imani kaye, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Mawu awiriwa amayamba mofanana, amakhala moyandikana, ndipo munthu amene mtima uli m'mwamba amangodina pamene paoneka Delete. Mukadina Delete for me, uthenga umachoka pa foni yanu yokha. Kwa mnzanuyo ulipobe bwinobwino. Choipa kwambiri n'chakuti inuyo mulibenso choti mudine kuti muufufute kwa onse, chifukwa pa sikirini yanu wasowa. Mwadzitsekera nokha panja, kiyi ali m'kati.

Kuyambira kumapeto kwa 2022, WhatsApp inaika kampata kothawirapo. Mukangodina Delete for me, m'munsi mwa sikirini mumatuluka mawu akuti Undo, ndipo amakhalapo masekondi asanu okha. Mukawadina, uthenga umabwerera, ndiye mutha kuyambiranso n'kusankha bwino. Masekondi asanu ndi ochepa kwambiri kwa munthu amene sakudziwa kuti ayang'ane pati, choncho chizolowezi chabwino ndi ichi: mukangofufuta, musachotse maso pa sikirini. Ngati pamalo pa uthenga palembedwa You deleted this message, mwachita bwino. Ngati uthenga wangozimirira osasiya kanthu, mwafufuta kwa inu nokha, ndipo thamangirani m'munsi pa Undo.

Nanga masekondi aja akadutsa? Ngati zachitika m'gulu, pali chithandizo: adimini wa gulu ali ndi mphamvu yofufutira aliyense uthenga wa membala wina. Mulembereni kumbali, mumuuze uthenga wake ndi nthawi yake. Pamalopo padzalembedwa kuti uthenga wafufutidwa ndi adimini, ndi dzina lake lomwe, koma zimenezo n'zopepuka poyerekeza ndi kuusiya. Ngati ndi macheza a anthu awiri, palibenso batani lina. Chatsala ndi kumupempha mnzanuyo kuti afufute yekha.

Malire a nthawi

Pamene njira imeneyi inkayamba mu 2017, munthu ankapatsidwa mphindi zisanu ndi ziwiri zokha. Mu 2018 anawonjezera kufika pa ola limodzi, mphindi 8 ndi masekondi 16. Nambala yachilendoyi imamveka mukaiwerenga m'masekondi, chifukwa imakwana 4,096, imodzi mwa nambala zimene olemba mapulogalamu amakonda. Mu Ogasiti 2022 anawonjezeranso kufika pa masiku awiri ndi kanthu, ndipo ndi pamene zilili. Ndikutchula mbiriyi chifukwa alipo anthu ambiri amene anasunga m'mutu malire akale. Ola likangodutsa amagwa ulesi, osayesa n'komwe, pamene batani likadalipo.

Malangizo a WhatsApp eni ake amangoti muli ndi masiku pafupifupi awiri. Amene anayeza anapeza maola 60, ndiko kuti masiku awiri ndi theka. Ineyo ndimawerengera maola 48 basi, enawo ndimawatenga ngati mwayi wongotola. Nthawiyi imayamba kuwerengedwa pamene munatumiza, osati pamene uthenga unafika kapena pamene unawerengedwa. Mnzanuyo kaya foni yake inali yozima tsiku lonse, wotchi yanu inali ikuyenda.

Nthawi ikatha, WhatsApp sikuuzani kuti mwachedwa. Mawu akuti Delete for everyone amangosowa pa mndandanda, n'kutsala Delete for me ndi Cancel. Apa m'pamenenso msampha uja umakola anthu, chifukwa chala chimadina pamene chinazolowera.

Koma batanilo likasowa, musafulumire kuganiza kuti nthawi yatha. Limasowanso mukasankha mauthenga angapo nthawi imodzi, pamene umodzi mwa iwo ndi wakale kwambiri kapena ndi wa munthu wina. Umodzi wokhawo umalepheretsa onse. Bwererani, sankhani umodziumodzi, ndipo muona kuti ena akadali otheka.

Chimene chimachitika mukadina

Kuti mumvetse chifukwa chake kufufuta nthawi zina kumalephera, ganizani za mmene uthenga umayendera. Mukatumiza, umachoka pa foni yanu, umadutsa pa makompyuta a WhatsApp, n'kukakhala m'foni ya mnzanu. Ukafika kumeneko, uli m'nyumba ya eni. Inu mulibe dzanja lofikira m'foni ya munthu wina. Chimene Delete for everyone imachita ndi kutumiza uthenga wachiwiri, wosaoneka ndi maso, wopempha pulogalamu ya pa foni inayo kuti ichotse woyamba uja.

Pempho limeneli limayenda njira yomwe ija, ndipo limafuna zomwe zija. Foni yanu ikhale ndi intaneti kuti lichoke. Foni ya mnzanuyo ikhale ndi intaneti kuti lifike. Pulogalamu yake ikhale yatsopano mokwanira kuti ilimve. Tiyerekeze kuti uthenga unafika pa foni yake m'mawa, kenako iye anatseka data. Inu mwafufuta masana, ndipo kwanu kwalembedwa You deleted this message. Kwa iye uthenga ukadalipo, ndipo atha kuuwerenga modekha mpaka pamene adzatsegulenso data. WhatsApp imanena yokha kuti kufufuta kukalephera simudzauzidwa. Mawu a pa sikirini yanu akungotsimikiza kuti kwanu kwachoka, osati kuti kwa onse kwachoka.

N'chifukwa chake matiki aja a pakona pa uthenga ali ofunika kuwawerenga. Kawotchi kakang'ono kakutanthauza kuti uthenga sunachoke n'komwe pa foni yanu. Uwu ndi mwayi waukulu: ufufuteni netiweki isanabwerere, ndipo palibe amene adzadziwe. Tiki imodzi yotuwa ikutanthauza kuti wachoka koma sunafike pa foni ya mnzanu. Mukafufuta pamenepa, nthawi zambiri iye amadzangopeza chipsera chija. Matiki awiri otuwa akutanthauza kuti wafika, ndipo mwina waonekera kale pamwamba pa sikirini yake. Awiri abuluu, wawerengedwa.

Matiki awiri otuwa asakunamizeni. Munthu atha kuzimitsa matiki abuluu pa Read receipts, kapena kuwerenga uthenga wonse pa chidziwitso cha pamwamba pa sikirini osatsegula macheza.

Tiyeni tiyende ndi nkhani imodzi

Tiyerekeze kuti ndi Lachisanu, 8 koloko usiku. Mwajambula kalata ya zotsatira za kuchipatala kuti mutumizire mlongo wanu. Dzina lake ndi dzina la gulu la kuntchito zagundana pamwamba pa mndandanda wa macheza, ndipo chithunzi chapita ku gulu la anthu 40. Pansi pake mwalembanso mizere iwiri yofotokoza. Mwazindikira Loweruka m'mawa, 6 koloko, mukudabwa kuti mlongo wanu sanayankhe bwanji.

Choyamba, werengerani nthawi. Padutsa maola 10. Maola 48 adzakwana Lamulungu 8 koloko usiku, ndipo maola 60 adzakwana Lolemba 8 koloko m'mawa. Batani lilipo, palibe chokayikitsa. Koma zimenezi si chifukwa choti mumwe kaye tiyi. Anthu akudzuka, ndipo aliyense amene akutsegula foni akuchepetsa phindu la kufufuta kwanu.

Chachiwiri, onani amene aona. Dinani chithunzicho osachotsa chala n'kusankha Info. Pa Android nthawi zina imabisala pa timadontho titatu ta pakona yakumanja, ndipo pa iPhone mutha kungokokera uthengawo kumanzere. Mupeza mayina m'magulu awiri, Read by ndi Delivered to. M'gulu mndandanda umenewu ndi wodalirikako, chifukwa kuzimitsa Read receipts sikugwira ntchito m'magulu. Tinene kuti mwapeza anthu 6 pa Read by, 25 pa Delivered to, ndipo 8 otsalawo sunawafikire. Jambulani sikirini imeneyi, chifukwa mukangofufuta uthenga, mndandandawu upita nawo limodzi, ndipo mudzafuna kudziwa oti mulankhule nawo.

Apa ndiyenera kunena maganizo anga, popeza ena amalangiza kuti nthawi zonse muyambe mwaona Info. Ine ndimati zimatengera msinkhu wa uthengawo. Ngati mwazindikira pasanathe mphindi imodzi, musataye sekondi ndi mndandanda uliwonse, fufutani. Koma ngati wagona usiku wonse, masekondi khumi owonjezera sasintha kanthu, pamene kudziwa mayina asanu ndi limodzi aja kumasintha zambiri.

Chachitatu, fufutani zonse ziwiri. Chithunzi ndi mizere imene munalemba padera ndi mauthenga awiri, ndipo anthu amaiwala wachiwiri. Amachotsa chithunzi n'kusiya mawu amene akufotokoza zonse zimene zinali pa chithunzicho. Sankhani woyamba, dinani wachiwiri kuti alowe limodzi, kenako bini, kenako Delete for everyone. Onetsetsani kuti malo onse awiri alembedwa You deleted this message, ndipo kuti foni yanu ili ndi intaneti. Musaizimitse kapena kutseka data nthawi yomweyo. Ipatseni kamphindi kuti pempho lichoke.

Chachinayi, yendani m'gululo kuchokera pa uthenga wanu kutsika pansi. Ngati wina anaukopera kapena anabwereza mawu anu poyankha, umenewo ndi uthenga wake, ndipo inu simungaufufute. Mupempheni iyeyo kapena adimini, pokumbukira kuti nawonso ali ndi masiku awiri omwe aja, kuwerengera kuchokera pamene uthenga wawowo unatumizidwa.

Chachisanu, lembani mzere umodzi m'gulumo, monga wakuti: "Pepani, ndinatumiza molakwika zinthu za kunyumba, ndachotsa." Zipsera ziwiri zopanda mawu zimaitana mafunso ambiri kuposa chiganizo chimodzi chimenechi. Kenako alembereni kumbali anthu 6 aja, muwapemphe kuti ngati chithunzicho chinasungika pa foni zawo achichotse.

Tikawerengera, anthu 8 amene sunawafikire mwina sadzaona kanthu. Mwa 25 aja ambiri sadzaona, kupatula amene anasuzumira pa chidziwitso kapena amene atseka data. Asanu ndi mmodzi aja anaona basi, ndipo batani silingafufute zimene zalowa m'mutu mwa munthu.

Zimene zimatsala ngakhale mwafufuta

Zithunzi ndi mavidiyo ndiye zovuta kuposa mawu. WhatsApp imachenjeza yokha kuti kwa amene ali ndi iPhone, chithunzi chimene chinasungidwa kale mu Photos chitha kutsala komweko ngakhale chachoka m'macheza. Pa Android, chithunzi chimene chili m'malo osungira a WhatsApp nthawi zambiri chimachoka limodzi ndi uthenga, koma ngati chinakoperedwa kwina, kapena foniyo imakweza yokha zithunzi zonse pa intaneti, kope imeneyo pempho lanu siliifikira.

Chimodzimodzi ndi uthenga umene wina anautumiza kale kwina ndi Forward. Kumene wapitako ndi uthenga watsopano, wa mwini wake watsopano. Chimodzimodzinso ndi sikirinishoti. Ndipo mafoni a Android kuyambira pa Android 11 ali ndi malo otchedwa Notification history, amene munthu akawayatsa amasunga zidziwitso za maola 24 apitawo. Mawu a uthenga wofufutidwa atha kupezeka mmenemo, mwina onse, mwina chiyambi chake chokha.

Mwina simukufunika kufufuta

Ngati vuto ndi chilembo cholakwika, nambala yosokonekera kapena tsiku lolakwika la msonkhano, kufufuta n'kupha ntchentche ndi nkhwangwa. Kuyambira mu 2023 WhatsApp ili ndi Edit: dinani uthenga osachotsa chala, sankhani Edit, konzani. Malire ake ndi mphindi 15 kuchokera pamene munatumiza. Pambali pa uthengawo pamalembedwa Edited, koma mawu akale saoneka. Anthu amasokoneza malire awiriwa, choncho asungeni padera: kukonza ndi mphindi 15, kufufuta kwa onse ndi masiku awiri.

Mukachoka pa WhatsApp

Musatenge masiku awiriwa n'kupita nawo pa pulogalamu ina, chifukwa iliyonse ili ndi lamulo lake, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Pa iMessage ya pa iPhone, Undo Send imakupatsani mphindi ziwiri zokha, ndipo ngati mnzanuyo ali ndi foni yakale imene sinafike pa iOS 16, uthenga umatsala kwa iye. Pa Signal muli ndi maola 24. Telegram ndiye inachotseratu malire mu 2019 pa macheza a anthu awiri: mutha kufufuta uthenga wa chaka chatha, wanu kapena wa mnzanuyo, ndipo susiya chipsera. Msampha wa kumeneko ndi kabokosi kolembedwa Also delete for kotsatana ndi dzina la munthuyo. Mukapanda kukachonga, mwafufuta kwanu kokha.

Uthenga wamba wa SMS ulibe njira yobwezera. Izi zimakhudzanso a iPhone: uthenga ukaoneka wobiriwira m'malo mwa wabuluu, sunapite ngati iMessage, ndipo Undo Send simuipeza.

Malire amenewa amasinthasintha, monga mmene a WhatsApp asinthira kawiri kuchokera mu 2017. Njira yosavuta yodziwira mmene zilili pa foni yanu ndi kuyesa pa uthenga wopanda ntchito. Tumizani mawu amodzi kwa munthu amene mumamasuka naye, muuzeni kuti mukuyesa, ndipo mawa lake ndi mkuja muzidina uthengawo, kupita pa bini, kuona ngati Delete for everyone ikuonekabe, n'kutuluka ndi Cancel. Tsiku lina yesaninso dala kudina Delete for me pa uthenga woterewo, kuti maso anu adziwe pamene Undo imatulukira komanso kufupika kwa masekondi asanu aja.